Reti ya Loweruka muitenge kuti? Kusintha madola ndi marandi kukhala makwacha m'mabuku

Funso: Ndine msungichuma wa kabungwe kena kuno ku Zomba. Thandizo limabwera m'madola, zipangizo zina timaoda ku Joni m'marandi, koma lipoti limafunika m'makwacha. Mu `Excel` ndili ndi tsamba la malonda ndi lina la mareti. Loweruka, Lamulungu ndi pa holide `VLOOKUP` imangondipatsa `#N/A`. Nditasintha `FALSE` kukhala `TRUE` manambala akubwera, koma ena sakuoneka bwino. Mnzanga akuti ndizingotenga reti ya tsiku loyandikira, kapena ya kumapeto kwa mwezi. Ndichite bwanji?

Yankho: A Msungichuma, muziyang'ana m'mbuyo nthawi zonse. Ngati tsiku la malondawo lili ndi reti yake, tengani yomweyo. Ngati lilibe, bwererani tsiku limodzilimodzi mpaka mupeze reti ya ndalama yomweyo, ndipo yoyamba kukumana nayo ndiyo yanu. Malonda a Loweruka ndi Lamulungu atenga ya Lachisanu. Kutsogolo musapiteko, ngakhale Lolemba litaoneka kuti lili pafupi.

Chifukwa chake n'chakuti reti ikalengezedwa imagwira ntchito mpaka ina itabwera kudzailowa m'malo. Zili ngati mtengo wa petulo: amene wathira madzulo a lero walipira mtengo wa lero, ndipo mawa ukakwera palibe amene amamulondola kunyumba kuti awonjezere. Munthu amene anagula katundu Lamulungu sankaidziwa reti ya Lolemba, inali isanabadwe. Mabuku anu ayenera kunena zimene zinalipo pa tsikulo.

Malangizo a mnzanuwo amaoneka osavuta masiku amene kwacha yangokhala phee, koma taonani zimene akanachita mu Novembala 2023. Banki Yaikulu ya Malawi inalengeza kuti kuyambira Lachinayi pa 9 Novembala dola izigulitsidwa pa K1,700.00, kuchoka pa K1,180.29. Tiyerekeze kuti sabata imeneyo munatanganidwa, ndiye m'tebulo lanu muli reti ya Lolemba pa 6, kenako ya pa 9, pakatipa palibe. Lachitatu pa 8 munalandira invoisi ya madola 2,000. Tsiku loyandikira pa 8 ndi pa 9, ndiye njira ya mnzanuyo ilemba K3,400,000. Njira yobwerera m'mbuyo ipita pa 6 n'kulemba K2,360,580. Pa invoisi imodzi yokha kusiyana kwake ndi K1,039,420, ndipo nambala yoyambayo ikuchokera pa reti imene pa 8 kunalibe.

Reti ya kumapeto kwa mwezi ili ndi vuto lomweli, kungoti ilo limakuta mwezi wonse: malonda onse a pa 1 mpaka pa 8 Novembala akanalembedwa pa reti yatsopano. Lamulo la maakauntanti lotchedwa IAS 21 limati malonda a ndalama zakunja alembedwe pa reti ya tsiku limene achitika. Limalola kugwiritsa ntchito avereji ya sabata kapena ya mwezi, koma pokhapokha ngati reti sikudumphadumpha kwambiri. Mwezi umene dola yakwera ndi 44 pa 100 alionse usiku umodzi, avereji ilibe tanthauzo. Reti ya tsiku lotseka mabuku ili ndi ntchito yake ina, yowerengera ndalama zakunja zimene zatsala mu akaunti ndi ngongole zimene simunalipire, osati yosinthira malonda amene anachitika kale.

Tsopano za `VLOOKUP`. Mukailembera `FALSE` imafuna tsiku lenilenilo, ikalisowa imadandaula, ndipo kudandaulako n'kwabwino chifukwa mumadziwa pamene pali vuto. Mukailembera `TRUE` imachita zimene mukufunazi, kutenga tsiku lomwelo kapena la m'mbuyo mwake, koma imadalira kuti masiku m'tebulo ayambira akale pamwamba n'kumatsika mpaka atsopano. Siwerenga mzere uliwonse. Imadumphira pakati pa tebulo, n'kuona ngati tsiku lanu lili kumtunda kapena kumunsi, n'kutaya theka linalo, kenako n'kudumphiranso pakati pa theka lotsala. Ngati mareti atsopano mumawaika pamwamba, monga ambiri amachitira, kapena mzere umodzi wasokonekera malo, imakafika pa mzere wolakwika n'kukupatsani nambala popanda chenjezo lililonse. Chinanso, imangoona kolamu yoyamba. Ngati madola ndi marandi ali m'tebulo limodzi, siidziwa kuti mzere umene yaimapo ndi wa ndalama iti, ndiye invoisi ya madola ikhoza kuchulukitsidwa ndi reti ya randi. Ndikukhulupirira kuti manambala anu osaoneka bwinowo achokera pa chimodzi mwa ziwirizi.

Ine ndimakonda kuigawa ntchitoyi pawiri: choyamba kupeza tsiku la reti, kenako kutenga reti ya tsikulo. Zimadya kolamu imodzi yowonjezera, koma kolamu imeneyo ndi imene idzakupulumutseni kwa odita, chifukwa aliyense amaona ndi maso kuti mzere uwu watenga reti ya tsiku liti.

Tsamba la mareti litcheni `Mareti`, likhale ndi makolamu atatu okha: tsiku, chizindikiro cha ndalama, ndi makwacha amene amagula imodzi ya ndalamayo. Mzere umodzi pa ndalama imodzi pa tsiku limodzi. M'chitsanzo ichi manambala awiri a dola ndi amene analengezedwa aja, koma a randi ndangowapeka kuti tiwerengere.

```
A           B    C
2023-11-06  USD  1180.29
2023-11-09  USD  1700.00
2023-11-10  USD  1700.00
2023-11-10  ZAR  92.00
2023-11-13  ZAR  91.40
```

Pa tsamba la `Malonda` kolamu A ikhale tsiku, B chizindikiro cha ndalama, C kuchuluka kwake. Mu D, E, F ndi G lembani izi pa mzere wachiwiri, n'kuzikokera pansi:

```
D2: =MAXIFS(Mareti!A:A, Mareti!B:B, B2, Mareti!A:A, "<="&A2)
E2: =IF(D2=0, NA(), SUMIFS(Mareti!C:C, Mareti!B:B, B2, Mareti!A:A, D2))
F2: =ROUND(C2*E2, 2)
G2: =A2-D2
```

Fomula ya mu D ikunena kuti: pa mizere yonse ya ndalama iyi imene tsiku lake silinapitirire tsiku la malonda, ndipatse tsiku lalikulu koposa. Ya mu E ikutenga reti imene ili pa tsikulo. F ndi makwacha, ndipo G ikuwerenga kuti reti yatengedwayo ndi ya masiku angati apitawo. Ubwino wa `MAXIFS` ndi wakuti ilibe nazo ntchito za dongosolo la mizere, imayang'ana yonse. Imapezeka kuyambira mu `Excel 2019` ndiponso mu `Google Sheets`. Ngati kompyuta ya ku ofesi ili ndi yakale kuposa pamenepa, patsani ndalama iliyonse tsamba lakelake, sanjani masiku kuyambira akale, ndipo `VLOOKUP` ya `TRUE` ija igwira ntchito bwinobwino. Makompyuta ena amafuna `;` pamene ine ndalemba `,` m'fomula, ndiye ikakana kulowa yambani mwaona zimenezo.

Tiyeni tiyendetse malonda anayi. Madola 2,000 a pa 8 Novembala: mizere ya dola yosapitirira pa 8 ndi umodzi wokha, wa pa 6, ndiye D ilemba pa 6, F ilemba 2,360,580.00, G ilemba 2. Marandi 18,500 a Lamulungu pa 12: wa pa 13 wapitirira, watsala wa Lachisanu pa 10, ndiye 18,500 kuchulukitsa ndi 92.00 ikhala K1,702,000. Madola 500 a Lolemba pa 13: pa tsikuli m'tebulo muli randi yokha, choncho D ibwerera pa 10 n'kupereka K850,000, G ilemba 3.

Wachitatuyu akuonetsa chifukwa chake chizindikiro cha ndalama chiyenera kukhala m'fomula zonse ziwiri. Mukachisiya mu D, fomulayo ipeza pa 13, chifukwa pali mzere wa randi wa tsikulo. Kenako E ikafuna dola ya pa 13, siipeza, ndipo `SUMIFS` ikasowa chowonkhetsa sidandaula, imangopereka 0. Madola 500 asanduka K0.00, chiwonkhetso cha mwezi chiperewera, ndipo palibe selo yofiira yokuuzani.

Wachinayi ndi marandi 3,000 a pa 8 Novembala. M'tebulomo mulibe randi ya pa 8 kapena ya m'mbuyo mwake. `MAXIFS` ipereka 0, imene `Excel` imaionetsa ngati tsiku la mu Januwale 1900, ndipo `NA()` ya mu E ichititsa kuti mzerewo ndi chiwonkhetso chonse zionetse `#N/A`. Izi ndaika dala. Musazibise ndi `IFERROR`, musabwerekenso reti ya pa 10. Kafuneni reti ya randi ya pa 8, muilembe m'tebulo. Nthawi zambiri izi zimachitika kumayambiriro kwa chaka, pamene tebulo layambira pa 2 Januwale koma pali malonda a pa 1. Tebulo la chaka chatsopano liziyamba ndi sabata yomaliza ya Disembala.

Kolamu G ndi imene ambiri amaiona ngati yosafunika, pamene ndi yofunika kuposa zinazo. Njira yobwerera m'mbuyo ili ndi chilema chimodzi: siidziwa poimira. Ngati munasiya kulemba mareti mu Malichi, malonda a mu Juni atenga ya mu Malichi osadandaula. Ndiye muyenera kudziwa kuti mpata wovomerezeka ndi wotalika bwanji. Loweruka G izilemba 1, Lamulungu 2. Holide ya Lolemba ipereka 3. Pa Pasaka mpata umafika 4: mu 2024 Lachisanu Loyera linali pa 29 Malichi ndipo Lolemba la Pasaka pa 1 Epulo, choncho malonda a Lolembalo atenga reti ya Lachinayi pa 28. Kupitirira masiku asanu si holidenso, ndi tebulo limene lili ndi dzenje. Ikani mtundu wofiira pa G iliyonse yoposa 5, ndipo musatseke mwezi pali wofiira. Ngakhale manambala aang'ono muziwayang'ana limodzi ndi tsiku la sabata. Chitsanzo chathu choyamba chija, Lachitatu lotenga reti ya Lolemba, chinatuluka bwino chifukwa dola inali isanasunthe, koma 2 pa Lachitatu wamba akutanthauza kuti wina sanalembe mareti a masiku awiri ogwira ntchito.

Pachifukwa chomwechi, lembani reti tsiku lililonse logwira ntchito ngakhale isanasinthe. Kuyambira mu Malichi 2024 dola inakhala nthawi yaitali ikugulitsidwa pa K1,751, ndipo n'zosavuta kuganiza kuti palibe chifukwa cholembera nambala yomweyomweyo m'mawa uliwonse. Koma mzere ukasowa, simungadziwe ngati wasowa chifukwa reti sinasinthe kapena chifukwa munthu anaiwala. Komanso dola ikaima, randi siima nayo. Randi imayenda tsiku ndi tsiku poyerekeza ndi dola, ndiye mtengo wake m'makwacha umasinthanso. Chizolowezi chimene dola ikukukhululukirani, marandi a ku Joni aja sakukhululukirani.

Pali zinthu ziwiri zokhudza masiku zimene zimasokoneza fomula yolembedwa bwino. `Excel` imasunga tsiku ngati nambala: 9 Novembala 2023 ndi 45239. Mukakopera sitetimenti ya ku banki, kawirikawiri masiku amabwera ngati mawu chabe, ooneka ngati tsiku koma osawerengeka. Poyesa lembani `=ISNUMBER(A2)`, ndipo ikayankha `FALSE` dziwani kuti limenelo si tsiku. Choopsa kwambiri ndi kompyuta yoikidwa pa kalembedwe ka ku Amereka, koyamba ndi mwezi. Mukalemba 09/11/2023 poganiza 9 Novembala, iyo imamva 11 Seputembala, pamene 13/11/2023 imaisiya ngati mawu chifukwa kulibe mwezi wa 13. Chizindikiro chake n'chosavuta kuona: m'kolamu imodzi masiku ena atsamira kumanja, ena kumanzere. Mukaona zimenezo, amene atsamira kumanja ndi amene muwakayikire kwambiri, chifukwa alowa ngati masiku enieni koma mwezi ndi tsiku zitasinthana.

Chachiwiri ndi nthawi yobisala m'kati mwa tsiku. Ngati reti ya pa 9 inalowa m'tebulo ndi ola lake, mwachitsanzo 10:30 m'mawa, nambala yake ndi 45239 ndi kachidutswa pamwamba. Malonda a pa 9 olembedwa opanda ola ndi 45239 ndendende, ndiye retiyo ioneka ngati yapitirira, fomula n'kubwerera pa 6. Pa tsiku ngati limenelo mwalakwitsa ndi K519.71 pa dola iliyonse. Mankhwala ake ndi `INT`, imene imadula ola n'kusiya tsiku lokha, ndipo muichite mbali zonse ziwiri. Ngati ndalama zina zimalowa kudzera pa intaneti, funsaninso kuti lipotilo likulemba nthawi ya kuti. Ife tili patsogolo ndi maola awiri pa nthawi ya padziko lonse yotchedwa UTC, choncho ndalama yolowa 1 koloko usiku pa 9 kuno, lipoti la UTC liilemba pa 8. Sankhani nthawi imodzi, ya kuno, n'kusintha zonse zisanalowe m'tsamba la malonda.

`SUMIFS` nayo ili ndi msampha wake. Ntchito yake ndi kuwonkhetsa, ndiye ngati dola ya pa 10 yalembedwa kawiri, reti ituluka 3,400. Pa dola zimenezi zimaoneka msanga, koma pa mzere umodzi wa marandi pakati pa mizere mazana zimadutsa. Pa tsamba la `Mareti` ikani kolamu D yokhala ndi `=COUNTIFS(A:A, A2, B:B, B2)`, ndipo paliponse pakhale 1. Mizere iwiri ya tsiku limodzi imabwera kawirikawiri pamene wina walemba reti yogulira, wina yogulitsira.

Apa ndi pamene pali nkhani imene fomula singakuthandizeni. Banki Yaikulu imatulutsa mareti atatu pa ndalama iliyonse: yogulira, yapakati ndi yogulitsira. K1,700 ija inali yogulitsira, imene banki imakulipiritsani mukamagula dola. Mukamapereka dola kuti mulandire makwacha, imagwira ndi yogulira, imene ili yotsikirapo. Mabungwe ena amalemba zonse pa yapakati, ena amatsata zimene wopereka thandizo walamula m'mgwirizano, ndipo alipo opereka thandizo amene ali ndi reti yawoyawo ya mwezi. Werengani mgwirizano wanu, gwirizanani ndi odita, lembani chimene mwasankha pamwamba pa tsamba la mareti pamodzi ndi kumene mumawatenga, ndipo musasinthe pakati pa chaka. Ngati mukufunikira mitundu iwiri, onjezani kolamu ya mtundu wa reti n'kuiika m'fomula zonse ziwiri, monga tachitira ndi chizindikiro cha ndalama. Reti ya mavenda a ndalama, ngakhale aliyense akuidziwa, ilibe pepala loiikira umboni, ndiye m'tebulo ili isalowemo.

Ndipo pamene banki yasinthadi ndalama, tebulo lilibe mawu. Ngati madola 10,000 alowa n'kusinthidwa, sitetimenti n'kuonetsa makwacha akutiakuti, lembani makwacha a pa sitetimentiwo, chifukwa ndiwo mwalandira. Tebulo la mareti ndi la malonda amene sanadutse posinthira: invoisi imene yabwera m'marandi koma simunalipire, ndalama imene yatuluka mu akaunti ya madola n'kupita kunja ili madola, lonjezo la thandizo limene mwalilemba m'mabuku.

Zimenezi zikutifikitsa pa funso lakuti tsiku la malonda ndi liti, la invoisi kapena lolipira. Onse awiri ndi masiku a malonda, ndipo lililonse likhale ndi mzere wake. Tibwerere kwa madola 2,000 aja. Katundu ndi invoisi zafika pa 8 Novembala, mwalemba ngongole ya K2,360,580. Mwalipira pa 13, dola ili pa K1,700, ndiye zatuluka K3,400,000. K1,039,420 ya pakatipo tsopano si kulakwitsa ayi, ndi ndalama imene bungwe laluzadi chifukwa cha kugwa kwa kwacha, ndipo imalembedwa payokha monga kuluza pa kusintha ndalama. Mtengo wa katunduyo umakhalabe K2,360,580. Mukadatenga reti ya pa 9 poyamba paja, kuluzaku kukadabisala m'mtengo wa katundu, ndipo komiti ikadafunsa chifukwa chake zipangizo zadula chonchi pamene wogulitsa sanakweze kalikonse.

Opereka thandizo ena adzafuna lipoti m'madola, ndiye marandi aja ayenera kusanduka madola. Simufunika tebulo lina. Dutsirani pa kwacha: chulukitsani ndi reti ya randi, gawani ndi reti ya dola. Marandi 18,500 a pa 12 Novembala ndi K1,702,000, kugawa ndi 1,700 ikhala madola 1,001.18. Reti iliyonse muifune payokha ndi fomula yakeyake ya `MAXIFS`, chifukwa si nthawi zonse pamene ziwirizi zidzachokera pa tsiku limodzi, ndipo zonse zikhale za mtundu umodzi, makamaka yapakati. Mukasakaniza yogulira ndi yogulitsira, phindu la banki lilowa m'nambala yanu pamene palibe banki imene yagwira ndalamayo. Pa malonda a makwacha enieni, ikani mzere umodzi wa `MWK` wa reti 1 pa tsiku lakale kwambiri kuti fomula isasowe chotenga, ndipo mizere imeneyo muichotse pa chenjezo la G. Chizindikiro muzilemba cha malembo atatu, osati mawu akuti kwacha, chifukwa ya ku Zambia nayonso ndi kwacha, `ZMW`, ndipo mtengo wake ndi wina kutalitali.

Posintha makwacha kukhala madola, gawani, musatembenuze reti n'kuidula. Imodzi kugawa ndi 1,700 ndi 0.000588 ndi manambala ena otsatira. Wina akaifupikitsa kukhala 0.0006, K5,000,000 ituluka madola 3,000, pamene yoona ndi 2,941.18. `ROUND` ibwere kamodzi kokha, pa mapeto, pa ndalama yotuluka.

Mizere ikadzafika masauzande ambiri, `MAXIFS` idzayamba kuchedwa, ndipo mwina amene amakusamalirani makompyuta adzasamutsira zonsezi mu detabesi. Maganizo ake ndi omwewa. Mu `PostgreSQL` zimalembedwa chonchi:

```sql
SELECT m.id, m.tsiku, r.tsiku AS tsiku_la_reti,
       ROUND(m.kuchuluka * r.reti, 2) AS makwacha
FROM malonda m
LEFT JOIN LATERAL (
  SELECT tsiku, reti FROM mareti
  WHERE ndalama = m.ndalama AND tsiku <= m.tsiku
  ORDER BY tsiku DESC
  LIMIT 1
) r ON true;
```

Mu `SQL Server` ntchito yomweyi imagwiridwa ndi `OUTER APPLY` pamodzi ndi `TOP 1`. Muwauze zinthu zitatu. `LEFT` asaichotse, chifukwa popanda iyo malonda osowa reti amangozimiririka m'lipoti m'malo mooneka opanda nambala. Asalumikize matebulo awiriwa ndi `<=` yokha popanda `LIMIT 1`, chifukwa invoisi iliyonse idzatuluka kambirimbiri, kamodzi pa reti iliyonse yakale, chiwonkhetso n'kufufuma. Ndipo aike `UNIQUE (ndalama, tsiku)` pa tebulo la mareti, imene imakana mzere wobwereza n'kufulumizitsanso kufufuza. Kuyesa kwake n'kosavuta: mizere yotuluka ikhale yofanana ndendende ndi mizere ya m'tebulo la malonda.

Chotsala ndi chimene chimachitika mwezi ukatsekedwa. Mafomula amenewa ndi amoyo. Tinene kuti lipoti la Novembala mwatumiza, ndiye mu Januwale wina wapeza mareti a randi a masiku amene anasowa n'kuwalemba m'tebulo. Mizere ya Novembala imene inabwerera m'mbuyo ipeza reti yatsopanoyo n'kusintha yokha, ndipo chiwonkhetso cha pa kompyuta sichigwirizananso ndi cha pa pepala limene komiti inasainira. Choncho musanatseke mwezi, dzazani mipata yonse ya mareti, onani kuti G ilibe wofiira ndipo `COUNTIFS` ili pa 1 paliponse. Mukatero koperani makolamu D, E ndi F a mweziwo n'kuwamata pomwepo ndi `Paste Special`, kusankha `Values`, kuti asanduke manambala okhazikika. Reti ikadzapezeka kuti inalembedwa molakwika, musakafufute m'mwezi wotsekedwa. Werengani kusiyana kwake, mukulembe ngati mzere wokonza m'mwezi umene muli, ndipo pambali pake mutchule nambala ya invoisi, reti imene inagwiritsidwa ntchito ndi imene inayenera kukhala.